Phunziro limodzi, ntchito zitatu: kuchotsera kobwereka mu Sitandade 3

Mukalemba masamu khumi pabolodi n'kuuza kalasi kuti iyambe, pasanathe mphindi zisanu mumakhala ndi magulu atatu a ana ngakhale simunawagawe. Ena atseka kale makope ndipo ayamba kutsinana. Ena akulemba pang'onopang'ono, akulakwitsa apa ndi apo koma akupita. Ena akopera funso loyamba mwaukhondo, alemba mzere pansi pake, ndipo akudikira kuti mnzawo wapambali asunthe dzanja kuti aone yankho. Belu likalira, okhawo amene aphunzirapo kanthu ndi apakati aja.

Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'Malawi, kalasi ya ana 80 kapena 100 pamaso pa mphunzitsi mmodzi si yachilendo, ndipo palibe angathe kukonzera mwana aliyense ntchito yakeyake. Chotheka ndi kukonza ntchito zitatu pa cholinga chimodzi. Ndikufuna ndionetse mmene zimenezi zimachitikira pa phunziro limodzi lenileni: kuchotsera kobwereka, nambala za manambala awiri, Sitandade 3, piriyodi ya mphindi 35. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 90, bolodi imodzi ndi choko.

Mfundo yogwira zonse ndi iyi: chimene chimasankhira mwana ntchito ndi kulakwitsa kumene akuchita lero, osati mbiri yake yoti ndi wanzeru kapena wofooka.

Yambani dzulo lake: mafunso atatu oyezera

Tsiku loti mawa muphunzitsa, sungani mphindi zisanu zomaliza za masamu. Lembani mafunso atatu okha, ana ayankhe pa tsamba latsopano la kope, aliyense payekha:

58 − 23
62 − 28
70 − 26

Loyamba silifuna kubwereka. Likungokuuzani ngati mwana amadziwa kuyala mateni pansi pa mateni, mawani pansi pa mawani, n'kuchotsera. Lachitatu lili ndi ziro, amene amapunthwitsa ngakhale ana odziwa kubwereka. Koma funso lonyamula nkhani yonse ndi lachiwirilo, ndipo yankho lolakwika limakuuzani zambiri kuposa lolondola.

Yankho lolondola ndi 34. Mwana wolemba 46 sanabwereke n'komwe. Waona 2 pamwamba ndi 8 pansi, wati ziwiri kuchotsa zisanu ndi zitatu sizitheka, ndiye watembenuza: 8 kuchotsa 2, yatsala 6. Kwa iye 62 si mulu umodzi wa zinthu, ndi 6 ndi 2 zongoyandikana. Mwana wolemba 44 ali patsogolo ndithu. Wabwereka bwinobwino, wapeza 12 kuchotsa 8 kutsala 4, koma waiwala kuti 6 uja tsopano ndi 5. Wolemba 40 wati pamene sizitheka timalemba ziro. Ana atatuwa onse alandira mtanda wofiira, koma matenda awo ndi osiyana, ndipo kuwabwerezera onse kufotokoza komwe kuja mokweza mawu kungathandize mmodzi yekha.

Samalani posankha manambala. Aphunzitsi ambiri amakonda 52 − 27, koma funso limeneli silisiyanitsa kanthu. Wotembenuza amapeza 35, ndipo wobwereka n'kuiwala kuchepetsa amapezanso 35. Zimatero nthawi iliyonse mawani awiriwo akasiyana ndi 5, monga 2 ndi 7, 3 ndi 8, 1 ndi 6. Pewani manambala otere pa funso loyezera.

Tolerani makope ali otsegula pa tsambalo. Musachonge. Ingoyang'anani mayankho n'kuunjika milu itatu. Mulu woyamba ndi wa olemba 46 kapena 40, pamodzi ndi olephera funso loyamba lija. Mulu wachiwiri ndi wa olemba 44, komanso opeza 34 koma ogwa pa ziro. Mulu wachitatu ndi wa okhoza onse atatu. Popeza mukungoyang'ana nambala zitatu pa kope lililonse, ntchitoyi imatha pa nthawi yopuma. M'kalasi yathu yoyerekeza, tinene kuti milu yatuluka ya ana 25, 45 ndi 20. Ikani kachizindikiro kakang'ono ka pensulo pakona ya tsambalo, kosiyana pa mulu uliwonse, kuti mawa mwana akatsegula kope adziwe kopita popanda inu kuitana mayina 90.

Amene sanabwere tsikulo, makamaka nyengo ya dzinja pamene mitsinje yadzaza ndi ntchito yakumunda yachuluka, ayambire pa ntchito yapakati. Mudzawaona msanga ngati akufunika kusuntha.

Cholinga chikhale chimodzi

M'chikonzekero chanu, pa zizindikiro za kakhonzedwe, lembani chinthu chimodzi cha kalasi yonse: ophunzira achotsera nambala ya manambala awiri mobwereka. Musalembe zolinga zitatu. Apa ndi pamene ambiri amasochera ndi mtima wabwino. Pomvera chisoni ana ovutika, amawapatsa 9 − 4 kapena 58 − 23, masamu osafuna kubwereka. Anawo amakhoza, amasangalala, koma phunziro la lero silinawakhudze, ndipo mawa mpata pakati pa iwo ndi anzawo wakula. Ndiponso kwa achangu, amawatsegulira mutu wa sabata yamawa, zimene zimangosamutsira vuto lomwelo ku sabata yamawayo.

Onse atatu abwereke. Chosiyana ndi chothandizira chimene mwana ali nacho m'manja, ndi kuzama kwa kuganiza kumene ntchitoyo ikufuna. Kuchuluka kwa masamu si kumene kumasiyanitsa. Ndipotu mudzaona kuti ana achangu ali ndi mafunso ochepa kuposa apakati.

Konzani ntchito yapakati poyamba

Yambani ndi iyi chifukwa ndi ya ana ambiri, ndiponso ndi yofanana ndi zimene zili m'buku la ophunzira. Zinazo muzipeza potsika ndi pokwera kuchokera pamenepa. Vuto la gululi ndi kuiwala sitepe, choncho pamwamba pa gawo lawo la bolodi siyani chitsanzo chimodzi chothetsedwa, chooneka bwino pamene 6 wadulidwa n'kulembedwa 5. Pansi pake lembani awa:

74 − 38
81 − 47
63 − 19
59 − 24
90 − 53
80 − 14

Lachinayi ndaliika dala. Silifuna kubwereka. Mwana amene wangoloweza kuti lero ndi tsiku lodula manambala adzadula 5 n'kupanga 19 popanda kufunsa ngati mawani akukwana, ndipo mudzamugwira pomwepo. Awiri omaliza ndi a ziro. Tsirizani ndi funso la mawu: mayi anali ndi mazira 53, agulitsa 27, atsala angati?

Lamulo la gululi ndi loti sachoka pa funso asanalitsimikize pophatikiza. Wapeza 36 pa 74 − 38, aphatikize 36 ndi 38, aone ngati 74 abwerera. Woiwala kuchepetsa uja adzapeza 46, pophatikiza apeza 84, ndipo adzadziwa yekha kuti pena palakwika asanakufunseni. Kwa mphunzitsi wa ana 90, chizolowezi chimenechi n'chamtengo wapatali, chifukwa chimachotsa mzere wa ana odikira kuchongeredwa umene umadya theka la piriyodi.

Ntchito ya mitolo, ya amene akutembenuza manambala

Ana awa safunika kufotokozeredwanso. Afunika kuona ndi maso ndi kugwira ndi manja kuti teni mmodzi akhoza kumasulidwa n'kukhala mawani khumi. Masiku awiri m'mbuyo, uzani mwana aliyense m'kalasi abweretse timitengo khumi totalika ngati chala, tomangidwa mtolo umodzi ndi mphira yodula ku chubu chakutha cha njinga. Luzi limavuta kumasula ndi kumanganso, limadya nthawi. Ana 90 akupatsani mitolo yoposa imene mukufuna, ngakhale ena aiwale. Werengani mitolo ingapo pamaso pawo, chifukwa mtolo wa timitengo 9 umasokoneza phunziro lonse. Izi ndi zipangizo za talula, zophunzitsira zopangidwa ndi zinthu zopezeka m'dera mwanu, zimene mudzagwiritsa ntchito chaka chonse, choncho zisungeni m'katoni.

Akhale atatuatatu. Gulu lililonse lilandire mitolo 6 ndi timitengo tosamanga tochepa, ndipo lijambule pansi ndi choko kapena khala zigawo ziwiri, mateni kumanzere, mawani kumanja. Mmodzi agwira timitengo, wina anena zimene zikuchitika, wachitatu alemba. Pa funso lililonse asinthana. Mafunso ndi anayi okha: 32 − 15, 41 − 17, 53 − 26, ndipo lomaliza ndi 62 − 28 lomwe linawagwetsa dzulo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti ntchitoyi igwire kapena isagwire. Choyamba, ayale nambala yapamwamba yokha. Ana amakonda kuyala 62 kenako 28 pansi pake, monga amachitira pophatikiza. Akatero amayamba kuyerekeza milu iwiri, timitengo 8 ndi timitengo 2, ndipo 46 uja amabwerera ali m'timitengo. Nambala yapansi si zinthu zimene tili nazo, ndi zimene akufuna kutilanda.

Chachiwiri, kulemba kuchitike nthawi yomweyo imene mtolo ukumasulidwa, osati pamapeto. Mukafika pa gulu lina, zizimveka chonchi:

"Tili ndi mitolo isanu ndi umodzi, ndi timitengo tiwiri."

"Akufuna timitengo tingati?"

"Tisanu ndi titatu, aphunzitsi. Sitikukwana."

"Ndiye mutani?"

"Timasule mtolo."

"Masulani. Imani pomwepo. Mitolo yatsala ingati? Wolemba, kope lako likuti ingati?"

Wolembayo amayang'ana pansi, mitolo isanu, amayang'ana m'kope, 6. Amadula 6 n'kulemba 5, kenako amawerenga timitengo tosamanga n'kulemba 12. Kudula kumene anali kukuona ngati mwambo wa aphunzitsi tsopano kwakhala kulemba chinthu chimene chachitika pamaso pake. Mukalola kuti athetse zonse ndi timitengo kenako alembe yankho lokha, adzakhoza onse anayi, koma mawa mukawalanda timitengo adzabwerera ku 46, chifukwa manja ndi pensulo sizinakumane.

Pa mawu oti kubwereka, ana ena amafunsa kuti tibweza liti. Ndi gululi ndimakonda kunena kuti kumasula mtolo, n'kuwauza kuti ndi zomwezo zimene anzawo akutcha kubwereka.

Ntchito yozama, ya omaliza msanga

Mwana wakhoza masamu asanu ndi limodzi mwachangu, inu n'kumuwonjezera makumi awiri ofanana nawo. Chimene waphunzira n'chakuti changu chimalipidwa ndi ntchito yambiri, ndipo mwana wochenjera amayamba kuchedwa dala. Apatseni mafunso atatu okha, koma oti sangawathe popanda kuima n'kuganiza.

Loyamba ndi la manambala obisika: 7□ − □8 = 26. Mwana ayenera kuyenda chobwerera. Ndi chiyani chimene ukachotsapo 8 patsala 6? Ndi 14, ndiye kuti pabisika 4 ndipo panali kubwereka. Choncho 7 wasanduka 6, ndipo kuti patsale 2 pachotsedwa 4. Funso lonse ndi 74 − 48. Ambiri amayamba ndi 58, poiwala teni wobwerekedwa uja, ndipo kutsimikiza pophatikiza kumawabweza.

Lachiwiri ndi kupeza cholakwa cha wina: mwana wina wapeza kuti 83 − 47 = 44. Waganiza bwanji kuti afike pamenepo, nanga mungamuuze chiyani? Alembe chiganizo chimodzi kapena ziwiri m'Chichewa. Ana ambiri achangu amadziwa kuchita koma sadziwa kunena chifukwa chake, ndipo funso ili limaonetsa zimenezo poyera.

Lachitatu ndi limene limakutetezani ku mawu oti "tamaliza, aphunzitsi". Apatseni manambala anayi, 2, 5, 7 ndi 9. Agwiritse ntchito iliyonse kamodzi, apange nambala ziwiri za manambala awiri, achotsere. Yankho lalikulu kwambiri limene angapeze ndi liti, nanga laling'ono kwambiri? Lalikulu amalipeza msanga, 97 − 25 = 72. Laling'ono limawagwira nthawi. Amayesa 79 − 52 n'kupeza 27, wina apeza 23 pa 95 − 72, wina afuula kuti wapeza 17 pa 92 − 75. Laling'ono kwenikweni ndi 13, pa 72 − 59. Pofunafuna chonchi amachita masamu ambiri obwereka kuposa amene mukanawalembera, mwa kufuna kwawo, ndipo amatulukira okha kuti mateni ayenera kuyandikana, mawani apamwamba akhale ochepa, apansi akhale ambiri. Opeza 13 nthawi ikadalipo asankhe manambala ena anayi n'kupatsa anzawo.

Nanga bwanji osangowatuma kukathandiza ovutika? Nthawi zina n'kwabwino, koma isakhale ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akauzidwa kuti athandize, kawirikawiri amangonena yankho kapena kulanda pensulo. Ndipo nayenso anabwera kusukulu kudzaphunzira chinthu chatsopano.

Mmene mphindi 35 zimayendera

Lembani ntchito zitatuzi ana asanalowe, kapena pa nthawi yopuma. Gawani bolodi patatu ndi mizere iwiri. Ngati bolodi ndi yaing'ono kapena yofufutika, lembani ntchito yozama ndi ya mitolo pa makatoni kapena pa mapepala a matumba a simenti, muzipachika pakhoma pafupi ndi pamene gululo likhale. Zolemba pa katoni mudzazigwiritsanso ntchito chaka chamawa. Mukayamba kulemba ana ali m'kalasi, mphindi khumi zapita ndipo phokoso layamba.

Ntchitozo zipatseni mayina opanda ukulu ndi uchepa, monga a mitsinje: Bua, Linthipe, Dwangwa. Dzinalo ndi la ntchito, si la ana. Muziti "lero ukuyambira pa Bua", osati "ndiwe wa Bua". Ana adzadziwabe ntchito yophweka ndi yovuta, sitingawanamize. Chimene chimachotsa manyazi ndi kuona anzawo akusuntha kuchoka pa ina kupita pa ina, komanso kuona mayina akusinthasintha mutu ukasintha.

Mphindi 8 zoyamba ndi za kalasi yonse pamodzi. Thetsani funso limodzi ndi mitolo patsogolo, mwana mmodzi akumasula, inu mukulemba pabolodi nthawi yomweyo. Kenako thetsani lina popanda mitolo. Musapitirire apo. Mphindi 3 zotsatira ndi zosamuka: a mitolo abwere kutsogolo kumene kuli malo oyala pansi ndi kumene inu mungafike mosavuta, apakati akhale pomwe ali, a ntchito yozama apite mbali imodzi kapena pakhonde pamene mukuwaona. Tsiku loyamba kusamukaku kumatenga nthawi yaitali, choncho kuyesereni tsiku lina popanda masamu, mpaka ana atazolowera.

Asanayambe, mwana mmodzi wa gulu lililonse anene m'mawu ake zimene achite. Nenaninso lamulo loti wokakamira afunse anzake awiri asanakweze dzanja.

Mphindi 15 za ntchito ndi pamene miyendo yanu iyenera kukhala ndi dongosolo. Musathamangire kwa a mitolo. Yambani mwadutsa pakati pa gulu lalikulu kwa mphindi ziwiri, kuona kuti aliyense wayamba, chifukwa ana 45 osadziwa chochita ndiwo angasokoneze kalasi. Kenako khalani pansi ndi a mitolo mphindi zisanu ndi imodzi, nkhope yanu italoza kalasi yonse. Pitani kwa a ntchito yozama mphindi zitatu, ndipo kumeneko musapereke yankho. Funso limodzi likwanira: "Mwapeza 17. Mukudziwa bwanji kuti palibe locheperapo?" Zotsalazo bwererani kwa apakati, muyang'ane makamaka 59 − 24 ndi 90 − 53.

Kusuntha kuchitike mkati mwa phunziro lomwelo. Mwana wa mitolo akathetsa mafunso awiri otsatizana akulemba molondola asanakhudze timitengo, mutumizeni ku ntchito yapakati nthawi yomweyo. Wapakati womaliza zonse n'kuzitsimikiza apite ku funso la manambala anayi lija. Wapakati amene walemba 44 pa 74 − 38 watembenuza manambala, ndiye mupatseni mitolo, ndipo muchite ngati chinthu wamba, monga kumupatsa rula.

Mphindi 5 zotsatira bwezerani kalasi pamodzi. Gawo ili ambiri amalidumpha nthawi ikathina, koma popanda ilo mwaphunzitsa makalasi atatu m'chipinda chimodzi. Lembani 83 − 47 = 44 pabolodi. Wa ntchito yozama afotokoze mmene wolakwitsayo anaganizira. Kenako itanani atatu a mitolo abwere kutsogolo adzaonetse ndi timitengo chifukwa chake yankho ndi 36. Pamenepa ana amene kawirikawiri amakhala chete ndiwo akuonetsa kalasi chinthu chimene anzawo achangu amachita osachimvetsa. Sankhani gulu limene mwaliona likukhoza, kuti asakachite manyazi patsogolo.

Mphindi 4 zomaliza, funso limodzi kwa onse, aliyense payekha, popanda timitengo: 73 − 46. Yankho ndi 27. Wolemba 33 akutembenuzabe, wolemba 37 akuiwala kuchepetsa. Funso limeneli ndilo likupatsani milu ya mawa, ndipo ndi lokhalo limene muyenera kuliona m'makope onse 90.

Mudziwa bwanji kuti china chalakwika

Gulu likamaliza zonse molondola pasanathe mphindi zisanu, ntchito inali yopepuka. Pakatha mphindi zisanu ana ambiri a gulu lina asanalembe kanthu kupatula kukopera funso, mwina yakula, mwina sanamve malangizo. Funsani mmodzi kuti akuuzeni chimene akufunsidwa, mudziwa kuti ndi chiti mwa ziwirizi.

Musasokoneze kumaliza msanga ndi kudziwa. Pali ana amene amathamanga kuti akhale oyamba kuimika dzanja, theka la mayankho lili lolakwika. Pali ena, kawirikawiri ofatsa okhala kumbuyo, amene amalemba mochedwa koma salakwitsa. Mukagawa poyang'ana changu kapena kulankhula, woyambayo mumukweza molakwika, wachiwiriyo mumutsitsa molakwika. N'chifukwa chake milu imachokera m'makope, osati m'mutu mwanu.

Pakatha milungu iwiri, yang'anani tizizindikiro ta pensulo tija. Ngati ana omwewo akhala pa ntchito ya mitolo nthawi zonse, pa mutu uliwonse, ndiye kuti ntchito zitatu zasanduka makalasi atatu okhazikika, ndipo zimenezo zimapweteka ana apansi. Mwana wovutika kuchotsera akhoza kukhala katswiri pa ndalama chifukwa amagulitsa mandasi ndi amayi ake Loweruka. Mutu uliwonse watsopano uyambe ndi mafunso ake oyezera.

Yang'ananinso mwana amene amakhoza mukakhala naye pafupi koma amalakwitsa zonse zokopera pabolodi. Mwina vuto si masamu, ndi maso kapena makutu. Musunthireni kutsogolo, ndipo lankhulani ndi makolo ake.

Makolo ena adzafunsa chifukwa chake kope la mwana wawo lili ndi masamu anayi pamene la mwana wa oyandikana nawo lili ndi asanu ndi awiri. Aonetseni funso lomaliza lija, lofanana kwa onse, ndi tsamba la dzulo lake pamene panali 46. Ahedi ndi alangizi a zamaphunziro a m'zoni mwanu auzeninso musanayambe, kuti akadzalowa m'kalasi n'kupeza ana ena ali pansi ndi timitengo asaganize kuti mwasiya chikonzekero.

Pamene njirayi imalekera

Mwa ana 25 a mulu woyamba aja mudzapezamo angapo amene analephera ngakhale 58 − 23, kapena amene ukawalembera 62 amawerenga 26. Mphindi 15 za mitolo sizingatseke dzenje limenelo. Akhale nawo pa ntchito ya mitolo, apindulako, koma afunika nthawi yawoyawo yowerenga ndi kumanga nambala, ana ena ataweruka kapena m'mawa. Ku Zambia, kuyambira 2016, sukulu zambiri za boma zimapatula nthawi yapadera yogawa ana a giredi 3 mpaka 5 malinga ndi pamene afika pa kuwerenga ndi masamu, potengera njira imene inayambira ku India. Imeneyo ndi ntchito ina, yochitika kunja kwa phunziro la tsikulo, ndipo ziwirizi zimathandizana.

Musayese kuchita izi pa phunziro lililonse. Tsiku loyamba kuphunzitsa mutu watsopano, kalasi ikhale pamodzi, chifukwa simunadziwe amene agwere pati. Ntchito zitatu zimagwira bwino pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu la mutu, pamene kusiyana kwaonekera. Maphunziro awiri a masamu pa sabata ndi poyambira pabwino. Ngati kalasi yapitirira ana 100, kapena mukuphunzitsira pansi pa mtengo ndi bolodi yonyamula, yambani ndi ntchito ziwiri: yapakati ya onse, yokhala ndi funso la manambala anayi kumapeto kwake, ndi ya mitolo ya amene akutembenuza manambala. Ana akazolowera kusamuka ndi kudzitsimikizira mayankho, onjezani yachitatu. Ndipo ngati muli aphunzitsi awiri kapena atatu a Sitandade 3 pasukulu imodzi, gawanani mitu: wina akonze makatoni a kuchotsera, wina a kuchulukitsa, muzisinthana.